Kasitomala wakwezedwa pa udindo, walandira mphoto kapena watsegula nthambi: kalembedwe ka uthenga wosangalala naye

Ndimayang'anira makasitomala pa kampani yosindikiza makatoni ndi malebulo, ndipo mwezi sutha popanda mnzanga wina kubwera pa desiki yanga, foni ili m'manja, n'kundifunsa kuti: "Kasitomala wathu uja akuti wakwezedwa, ndimulembere chiyani?" Ndayankha funsoli kambirimbiri, choncho ndaganiza zolilemba kamodzi kuti aliyense azingowerenga. Uthenga wake ndi waufupi, ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi basi, koma ndaona ubale wa zaka zambiri ukulimba chifukwa cha ziganizo zimenezi, ndaonanso wina ukuzirala chifukwa cha zomwezo.

Ndigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Tinene kuti pali Mayi Uje, amene kwa zaka zinayi akhala wachiwiri kwa mkulu wogula katundu pa kampani yopanga zakumwa imene timaisindikizira malebulo. Tsopano akwezedwa kukhala mkulu woyang'anira ntchito zonse za pa fakitale. Za mphoto ndi nthambi ndidzazikhudza pamene zikusiyana.

1. Musanalembe, tsimikizani kuti nkhaniyo ndi yoona ndipo yalengezedwa

Izi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Nkhani ikhoza kukhala yoona koma isanalengezedwe, ndipo ikadali choncho si yanu kuti muitchule.

Chaka china ndinamva kwa wantchito wina wa kasitomala wathu kuti bambo amene tinkagwira nawo ntchito apatsidwa mpando wa mkulu wa dipatimenti. Ndinasangalala kuchokera pansi pa mtima, n'kulemba imelo tsiku lomwelo, abwana awo ndinawaikanso pa CC. Zimene sindinafufuze n'zakuti bambowo anali ongogwirizira mpandowo pamene akuluakulu a kampani ankafunafuna munthu wokhazikika. Imelo yanga inaoneka ngati iwo akhala akudzilengeza okha kwa anthu akunja. Patapita miyezi iwiri mpandowo unapita kwa munthu wina. Bambowo sanandikalipire, koma kwa nthawi yaitali mafoni athu anali a ziganizo ziwiri zokha, ndipo ndinkadziwa kuti ndinawachititsa manyazi pa nthawi imene ankafunika ulemu wawo wonse.

Kugwirizira udindo n'kukhala pa mpando mongoyembekezera, pomwe kukwezedwa n'kupatsidwa mpandowo kuti ukhale wako. Wogwirizira mungamuuze pa foni kuti mukumufunira zabwino pa ntchito imene wasenza, koma kalata yosangalala naye idikire. Mudziwa kuti nkhani yalengezedwa mukaiona m'chikalata cha kampaniyo, m'nyuzipepala, pa LinkedIn pa mwiniwakeyo, kapena dzina la udindo likasintha m'munsi mwa maimelo ake. Ngati mwiniwake wakuuzani yekha, mufunseni kuti: "Kodi zalengezedwa kale, kapena tidikire kaye?"

Mukapeza chilengezocho, koperani dzina la udindo monga momwe lalembedwera. Musalifupikitse, musalikongoletse. Amene wakhala wachiwiri kwa mkulu musamutchule mkulu poganiza kuti mukumukweza mtima, chifukwa mkulu weniweniyo akhoza kuiona kalatayo. Pa mphoto, onetsetsani ngati kasitomalayo wapambana kapena wangofika nawo pa mndandanda wa omaliza, komanso ngati mphotoyo ndi ya munthu, ya dipatimenti kapena ya kampani yonse. Pa nthambi, siyanitsani kulengeza kuti idzatsegulidwa ndi tsiku limene zitseko zatsegulidwadi.

2. Sankhani wolemba, njira yotumizira ndi tsiku

Wolemba akhale munthu amene kasitomalayo amamudziwa mawu ake pa foni. Kalata yosainidwa ndi "Oyang'anira kampani" imawerengedwa ngati chikalata cha aliyense. Ngati udindowo ndi waukulu kwambiri, abwana anu angathe kulemba yawo yapadera, koma yanu isalephereke chifukwa cha zimenezo. Makalata awiri ochokera kwa anthu awiri amene amamudziwadi ndi abwino kusiyana ndi khadi limodzi lodzaza masiginecha a anthu khumi amene sanaonanepo naye.

Njira yotumizira itsate momwe mumalankhulirana masiku onse, n'kukwererapo pang'ono. Ngati mumalemberana pa WhatsApp, tumizani imelo. Ngati mumalemberana maimelo, khadi lolembedwa pamanja lidzakhala pa desiki yake masabata angapo, pomwe imelo imamira tsiku lomwelo. Imeloyo ikhale yatsopano, yokhala ndi mutu wakewake. Musaiphatike pansi pa maimelo okambirana za invoisi kapena katundu wochedwa, ndipo ngati chilengezo chinabwera kwa anthu ambiri, musadine Reply all.

Tumizani pasanathe masiku awiri kapena atatu chilengezereni. Mukachedwa mpaka sabata ziwiri, lembanibe, koma musayambe ndi ziganizo zitatu zopepesa. "Nkhaniyi yandipeza mochedwa, koma sindikanatha kukhala chete" n'zokwanira.

3. Moni ndi chiganizo choyamba

Mutchuleni monga momwe mumamutchulira nthawi zonse mukamalemba mwaulemu: "Okondedwa Mayi Uje", "Okondedwa Bambo Uje", kapena "a Uje" ngati ndi mmene munazolowerera. Anthu ena munthu akakwezedwa amasintha mwadzidzidzi n'kuyamba "Olemekezeka bwana wamkulu". Wowerenga amamva msanga kuti ulemuwo wabwera ndi mpando. Gwiritsani ntchito "inu" kuyambira pamwamba mpaka pansi, ngakhale akhale wamng'ono kwa inu kapena mnzanu wocheza naye, chifukwa kalata imeneyi akhoza kuionetsa kwa ena.

Pali mawu angapo amene timawasakaniza, koma sagwira ntchito imodzi. Kuthokoza n'kwa chinthu chimene munthu wakuchitira iweyo, ndiye mukayamba ndi "tikukuthokozani chifukwa cha kukwezedwa kwanu" zimamveka ngati anakwezedwa kuti inu mupindule. Kuyamikira n'kunena kuti ntchito ya munthu ndi yabwino. Mawuwa ndi oyenera pa mphoto, koma pa kukwezedwa muwagwire mosamala, chifukwa nthawi zina amamveka ngati mkulu akulankhula kwa wamng'ono. Mafuno abwino amayang'ana kutsogolo, choncho malo ake ndi kumapeto kwa kalata. "Takunyadirani" ndi mawu ofunda, oyenera munthu amene mwayenda naye mtunda wautali. Amene amakwanira pafupifupi paliponse ndi "ndasangalala" kapena "tikusangalala nanu limodzi".

Chiganizo choyamba chingonena chimene chachitika ndi kuti mwasangalala: "Ndasangalala kwambiri kumva kuti mwasankhidwa kukhala mkulu woyang'anira ntchito za pa fakitale." Pewani mawu monga "pamapeto pake" kapena "patapita nthawi yaitali chonchi". Inu mukutanthauza kuti anayenera kalekale, koma iye angamve kuti mukumukumbutsa zaka zimene anadumphidwa, ndipo abwana ake angamve kuti mukuwadzudzula.

4. Chiganizo chachiwiri, chimene chimavuta aliyense

Apa ndi pamene anthu ambiri amaima, n'kuyang'ana denga, kenako n'kulemba kuti "izi zikusonyeza khama lanu ndi kudzipereka kwanu pa ntchito". Mawuwa si abodza. Vuto lake n'lakuti sabata imeneyo Mayi Uje alandira mauthenga makumi angapo onena zomwezo, ena ochokera kwa anthu amene sakudziwa n'komwe ntchito imene iwo amagwira. Inu muli ndi chinthu chimene enawo alibe: munawaona akugwira ntchito kuchokera kunja, tsiku labwino ndi tsiku loipa lomwe. Chiganizo chachiwiri chinene chinthu chimodzi chimene munachiona ndi maso anu.

Chimenechi sichibwera mukangokhala n'kumaganiza. Tsegulani maimelo akale a pakati pa inu ndi iwo, mubwerere m'mbuyo chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo mudzifunse kuti ndi liti pamene ntchito inayenda bwino chifukwa cha munthu ameneyu. Funsaninso anzanu a kumakina ndi onyamula katundu, chifukwa iwo amakumbukira zinthu zimene sizinalembedwe. Lembani pa pepala zinthu zitatu, osasankha kaye.

Pa Mayi Uje, pepala langa lingakhale ndi izi. Choyamba, tsiku lina malebulo 20,000 anatuluka ndi deti lolakwika, ndipo iwo anandiimbira madzulo n'kunena mosabisa kuti amene anasainira chitsanzo chisanasindikizidwe ndi iwowo, choncho tisadzudzule anthu athu a kumakina. Chachiwiri, ndi iwo amene anayambitsa zotitumizira ndondomeko ya maoda ya miyezi itatu kutsogolo, ndipo kuyambira pamenepo maoda adzidzidzi anachepa kwambiri. Chachitatu, ankabwera ku misonkhano ndi wantchito wawo wamng'ono n'kumupatsa mpata woti afotokoze yekha.

Chimene chimandikhudza mtima kwambiri ndi choyambacho, ndipo ndicho chimene sindingachilembe. Kalata yosangalala ndi munthu imayenda: mlembi wake amaitsegula, amaiika pa desiki, nthawi zina amaiwerenga pamaso pa anzake. Sindingaike m'kalata yotero nkhani ya cholakwa chimene mwina abwana awo sanachimve, ngakhale cholinga changa chikhale kutamanda kuona mtima kwawo. Chimenechi ndidzawauza pakamwa tikadzakumana awiri. Chachitatu n'chabwino, koma chikukhudza munthu wina amene sindinamupemphe. Chachiwiri ndicho cholowa m'kalata. N'choona, n'chawo, aliyense angachimve popanda wina kuchita manyazi, komanso chikugwirizana ndi udindo watsopanowo, umene umafuna munthu woona patali.

Posankha, chiganizocho muchiyese ndi mafunso atatu. Kodi ndinaziona ndekha, kapena ndinangomva? Kodi nditafufuta dzina lawo n'kuikapo la kasitomala wina, chiganizochi chingakhalebe choona? Ngati chingakhalebe choona, sichinafike, bwererani ku pepala. Ndipo kodi angachiwerenge mokweza pamaso pa abwana awo, pamaso pa antchito awo, ndi pamaso pa munthu amene ankafunanso mpandowo koma sanaupeze? Funso lachitatuli ndi limene limagwetsa ziganizo zambiri zooneka zokoma. "Palibe wina pa kampani yanu amene akanatha ntchito imeneyi" chimagwa pomwepo. "Tsopano zinthu ziyamba kuyenda bwino kumeneko" chimagwanso, chifukwa chikunyoza amene wachoka pa mpandowo, amene mwina wakwera pamwamba kwambiri kapena wapita ku kampani ina kumene mudzakumanenso naye.

Kenako chinthucho muchilembe mosavuta: chimene anachita, ndi chimene chinasintha. Kulemba koyamba kumatuluka chonchi: "Ndinu munthu wadongosolo komanso woganiza zam'tsogolo." Apa ndangotchula makhalidwe, chochitikacho ndachisiya pa pepala. Kulemba kwachiwiri: "Ndimakumbukira pamene munayambitsa zotitumizira ndondomeko ya maoda ya miyezi itatu. Kuyambira nthawi imeneyo anthu athu a kumakina anasiya kugwira ntchito usiku mothamanga, ndipo mpaka lero amakutchulani." Sindinanene kuti ndi adongosolo, koma aliyense wowerenga waona yekha.

Nanga ngati kasitomalayo mwangoyamba kumene kugwira naye ntchito? Musapeke. Nenani chaching'ono chimene muli nacho, pa kukula kwake komweko: "Ngakhale tagwira ntchito limodzi miyezi itatu yokha, ndaona momwe mumayankhira funso lililonse tsiku lomwelo." Munthu amadziwa kutalika kwa ubale wanu, ndipo mukalemba ngati mnzake wakalekale amayamba kukayikira kalata yonse.

5. Chotsani chilichonse chopempha

Werenganinso zimene mwalemba, mufunefune chiganizo chimene chikukamba za kampani yanu. Kawirikawiri chimabisala kumapeto: "Tikuyembekeza kuti pa udindo wanu watsopanowu mgwirizano wathu ukula", kapena "tingakonde kudzakuonetsani zinthu zatsopano zimene tayamba kupanga". Chifufuteni. Munthu amene wangokwezedwa amakhala tcheru, chifukwa akudziwa kuti ambiri omumwetulira sabata imeneyo akuyang'ana siginecha yake. Akangoona pempho, kalata yonse imasanduka chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo chiganizo chabwino chija munachivutikira chimaoneka ngati nyambo.

Musaphatikize kotesheni kapena mndandanda wa katundu. Musakumbutse za ngongole, ngakhale invoisi itadutsa masiku ake. Imeneyo ipite tsiku lina, kwa anthu owerengera ndalama, m'kalata yakeyake. Ngakhale pempho lokumana kuti mukambirane lidikire mwezi umodzi. Ngati mukufuna kutseka ndi china chosonyeza kuti simukufuna kanthu, lembani kuti: "Ndikudziwa kuti masiku ano mwapanikizika, musavutike n'kuyankha."

Kalata ya Mayi Uje ikatha imaoneka chonchi:

"Okondedwa Mayi Uje,

Ndasangalala kwambiri kumva kuti mwasankhidwa kukhala mkulu woyang'anira ntchito za pa fakitale. Ndimakumbukira pamene munayambitsa zotitumizira ndondomeko ya maoda ya miyezi itatu. Kuyambira nthawi imeneyo anthu athu a kumakina anasiya kugwira ntchito usiku mothamanga, ndipo mpaka lero amakutchulani. Amene mukukawatsogolerawo apeza munthu woganizira anthu amene ali kumapeto kwa ntchito. Ndikukufunirani mphamvu ndi nzeru pa udindo watsopanowu. Ndikudziwa kuti mwapanikizika, musavutike n'kuyankha.

Ine wanu,"

Pansi pake dzina lanu, lolembedwa ndi dzanja ngati ndi khadi.

6. Ikakhala mphoto kapena nthambi, sinthani chiganizo choyamba ndi chachiwiri

Pa mphoto, tchulani dzina lake lonse ndi amene aipereka, monga zalembedwera pa chilengezo. Ikakhala ya kampani yonse, lemberani munthu amene mumagwira naye ntchito, koma mutchule gulu lake, ndipo mumupemphe kuti awafikitsire uthengawo. Samalani kuti musadzilowetsemo. Ngakhale makatoni anu anathandiza kuti katundu wawo apambane, mawu akuti "ndife onyadira kuti tinatengapo mbali" amakokera kuwala kwa inu pa tsiku lawo. Akafuna kukutchulani adzakutchulani okha.

Dziwaninso kusiyana kwa mphoto ndi satifiketi. Kasitomala akalandira satifiketi ya ISO 9001 sanapambane mpikisano ayi. Anthu ochokera kunja kwa kampaniyo anabwera kudzayendera kayendetsedwe ka ntchito yake n'kupeza kuti kakukwaniritsa muyezo. Choncho musalembe kuti "mwapambana". Nenani za miyezi imene anthu ake anakhala akulemba ndondomeko ndi kukonzekera oyenderawo, makamaka ngati nanunso anakutumizirani mafomu oti mudzaze pa nthawi imeneyo.

Nthambi yatsopano ndi chisangalalo chosakanikirana ndi nkhawa, chifukwa ndalama zalowa kale koma ogula sanayambe kubwera. Tchulani malo ake molondola, ndipo uthenga ufike m'mawa wa tsiku lotsegulira kapena dzulo lake. Chinthu chimene munachiona chingakhale nthawi imene munamva koyamba akulankhula za nthambiyo ikadali maganizo chabe. Musalosere phindu, musafunse za nthambi yotsatira. Kumbukiraninso manijala wa nthambiyo, amene nthawi zambiri ndi amene wagona mochedwa masabata onsewo koma makalata onse amapita kwa mwini kampani. Mizere iwiri yopita kwa iye payekha sadzaiiwala. Apa chiyeso chogulitsa chimakula kwambiri, popeza nthambi yatsopano imafunadi katundu wanu, koma lamulo la sitepe yachisanu silisintha.

7. Za mphatso

Kalata payokha ndi yokwanira. Ngati mukufunabe kuwonjezera maluwa kapena kanthu kena, yambani mwafunsa malamulo a mbali zonse ziwiri. Makampani ambiri ali ndi malire a mtengo wa mphatso imene wantchito angalandire, ndipo ena ali ndi kaundula momwe mphatso iliyonse imalembedwa. Makampani ochita malonda m'mayiko ambiri amakhwimitsa kwambiri chifukwa cha malamulo oletsa ziphuphu monga Foreign Corrupt Practices Act ya ku America ya 1977 ndi Bribery Act ya ku Britain ya 2010, amene amatha kuwatsatira ngakhale pa zochitika za kunja kwa mayikowo. Mphatso yodutsa malire imamupatsa munthu ntchito yoibweza ndi kulemba lipoti m'sabata yake yoyamba pa mpando.

Ngati kasitomalayo ndi wogwira ntchito m'boma, kapena kampani yanu ikupikisana nawo pa tenda imene iye akukhudzidwa nayo, kapena kontirakiti yanu ili pafupi kukambidwanso, musatumize mphatso iliyonse. Pa nthawi yotero ngakhale kalatayo muionetse kaye kwa abwana anu, ikhale yaifupi, yoti aliyense wofufuza angaiwerenge osapezamo kanthu.

8. Werengani mokweza, tumizani, kenako ganizirani mpando umene watsala

Yerekezani kalembedwe ka dzina ndi momwe mwiniwake amalilembera m'munsi mwa maimelo ake, chilembo ndi chilembo. Ngati munakopera kalata yakale, onetsetsani kuti dzina la kasitomala wina silinatsalire penapake. Iwerengeni mokweza kamodzi, ndipo chiganizo chimene simungathe kuchinena pamaso pa munthuyo muchisinthe kapena muchichotse.

Mukatumiza, musaimbe foni kufunsa ngati yafika. Akayankha, yankhani mzere umodzi n'kusiyira pomwepo.

Mayi Uje akakwera, pa mpando wawo wakale pakhala munthu wina, ndipo ameneyo ndi amene muzilankhula naye za maoda kuyambira tsopano. Kawirikawiri nayenso wakwezedwa, kungoti chilengezo chake chimakhala cha mzere umodzi pansi pa cha Mayi Uje, ndipo ndi ochepa amene amamulembera. Fufuzani dzina lake, mutsimikize ngati mpandowo ndi wake kapena akungogwirizira, ndipo mumulembere kalata yakeyake potsata masitepe omwewa. Ngati ndi wantchito wamng'ono uja ankabwera ku misonkhano, chiganizo chachiwiri muli nacho kale: tsiku limene anaimirira n'kufotokoza yekha ndondomeko ya maoda, manja akunjenjemera pang'ono, koma manambala onse ali olondola. Za manjazo muzisiye, mulembe za manambalawo.